Mndandanda wa mabuku wasakanikirana masitayilo, ndiyambire pati kuti wonse ukhale wa APA?

Tadala:
Moni nonse. Ndikupempha nzeru. Tilipo atatu amene talemba lipoti limodzi la bayoloje, aliyense chaputala chake, ndipo ntchito yolumikiza yagwera ine. M'chaputala 1 ndi 3 tatchula mabuku polemba dzina la wolemba ndi chaka, ngakhale kuti wa chaputala 3 kalembedwe kake kakusiyanako pang'ono ndi kanga: sayika chaka m'mabulaketi pa mndandanda, ndipo amalembanso mzinda umene buku linasindikizidwira. Mnzathu wa chaputala 2 ndiye wagwiritsa ntchito manambala, [1], [2] mpaka [34], ndipo mndandanda wake ukutsata manambalawo. Mindandanda itatuyi pamodzi ili ndi mabuku ndi nkhani 96. A supavayiza akufuna mndandanda umodzi kumapeto, wa APA 7, wotsata alifabeti. Zonse tinachita kutayipa tokha mu Word. Ndiyambire pati?

Yamikani:
Izi sizovuta achemwali. Matani mindandanda yonse itatu pamalo amodzi, muisankhe yonse, kenako pa Home dinani kabatani ka Sort kali ndi A ndi Z kaja. Iyokha ikhala mu alifabeti. Mukatero muzingokonza mizere umodziumodzi.

Mayi Nabanda:
A Tadala, musadine kaye Sort. Batani limene a Yamikani akunena ndi loona ndipo mudzaligwiritsa ntchito, koma pafupi ndi kumapeto kwa ntchito, osati poyamba.

Vuto lagona m'chaputala 2. M'machaputala enawo, mukalemba (Watson & Crick, 1953), dzina ndi chaka zimanena zokha buku limene mukutanthauza, kaya bukulo lili pamwamba kaya pansi pa mndandanda. Koma [7] payekha sanena chilichonse. Amangotanthauza kuti "chimene chili pa mzere wachisanu ndi chiwiri". Ngati manambala a mndandandawo anayika ndi Word yekha, mukasanja mu alifabeti mizere imasuntha koma manambala amangoyambanso 1, 2, 3 kuchokera pamwamba. Ndiye [7] wa m'chiganizo uja amakhala akuloza buku lina. Choopsa chake n'chakuti palibe chimene chimaoneka cholakwika. Mndandanda umaoneka bwino kuposa kale, pamene chaputala chonse chikunamizira anthu zinthu zimene sanalembe.

Choncho choyamba sungani fayilo ina ya chaputala 2 monga chilili lero, ndipo imeneyo musaikhudzenso. Ndiyo mboni yanu mukadzasokonezeka.

Tadala:
Zikomo amayi. Ndayesa pa fayilo ina yongoyeserera kuti ndione ndekha. Poyamba nambala 7 inali nkhani ya Watson ndi Crick. Nditadina Sort, Watson wapita pansi penipeni, ndipo pa 7 pabwera munthu wa dzina loyamba ndi D amene analemba za mabakiteriya. Ndamvetsa. Nanga manambalawo ndiwachotse bwanji mosasokoneza?

Mayi Nabanda:
Pangani tebulo la magawo atatu, mu Word momwemo kapena mu Excel. Gawo loyamba nambala yakale, ndipo muchite kuitayipa nokha kuti isasunthe. Lachiwiri, mmene bukulo lidzatchulidwire m'chiganizo, monga Watson & Crick, 1953. Lachitatu, mzere wonse monga anaulembera mnzanu. Mizere 34 yokha, sikutenga nthawi.

Mukamaliza tebulo, bwererani m'chaputala n'kusintha nambala iliyonse kuti ikhale dzina ndi chaka. Kuti musaphonye, tsegulani Find, chongani Use wildcards, n'kulemba izi:

```
\[[0-9]*\]
```

Izi zimapeza chilichonse choyamba ndi bulaketi yotsatana ndi nambala. Muzipita malo amodziamodzi. Chifukwa chimene ndikukanizira Replace All ndi manambala a m'magulu. Mukafufuza [7] simupeza 7 amene ali mu [3,7,9], ndipo mu [12-15] muli 13 ndi 14 amene sanalembedwe n'komwe. Munthu amatha kuganiza kuti buku 13 silinatchulidwe paliponse n'kulichotsa, chonsecho lili mkati mwa kamzere kaja.

Pa magulu oterowo APA imafuna kuti mayina akhale mu alifabeti mkati mwa mabulaketi, osati motsata manambala akale, ndipo pakati pake muziyika `;`. Muonenso chiganizo chenichenicho. Ngati mnzanu anatchula kale mayina m'chiganizo n'kuyika [7] patsogolo pake, inu mungoyika chaka chokha m'mabulaketi, apo ayi mayina abwera kawiri motsatana.

Kondwani:
Ine ndikuona ngati mukumupatsa mlongo wathu ntchito yambiri yopanda chifukwa. Pulogalamu ya Zotero ndi yaulere ndipo inapangidwira zimenezi. Mumalowa pa Document Preferences, n'kusankha APA 7, ndipo manambala onse amasanduka mayina ndi zaka, mndandanda n'kudzisanja wokha. Ine pepala langa analikana ku magazini ina imene inkafuna Vancouver, sitayilo ya manambala, ndipo ndinalitembenuza kukhala APA pa kanthawi kochepa.

Mayi Nabanda:
Achimwene a Kondwani, zinatheka chifukwa inu munalowetsa mabukuwo m'chiganizo kudzera mu Zotero kuyambira pachiyambi. Kuseri kwa [7] wanu kunali chizindikiro chobisika chouza pulogalamuyo kuti ndi buku liti. A Tadala anena kuti zawo anachita kutayipa. Kwa Zotero, [7] wotayipa ndi zilembo wamba ngati zina zonse, ndipo mukasintha sitayilo sasuntha.

Kondwani:
Pamenepo ndavomera, sindinawerenge bwino funso. Komabe sindikusiya mfundo yanga. Popeza akuyenera kuyendera malo aliwonse pamene pali nambala, bwanji osangolowetsa bukulo ndi Zotero pamalo pomwepo m'malo motayipa dzina? Ntchito yake ndi yofanana, koma mawa a supavayiza akadzati tisinthe sitayilo, kapena akadzawonjezera buku, sadzayambiranso. Kulowetsa mabuku nakonso sikovuta: pa webusaiti ya Crossref pali Simple Text Query, mumamata mndandanda wanu wonse ndipo imakupezerani DOI ya nkhani zimene ikuzidziwa, kutanthauza nambala yapadera imene nkhaniyo imadziwika nayo pa intaneti. Ma DOI amenewo mumawamata mu Zotero pa Add Item by Identifier, zonse n'kubwera zokha.

Mphatso:
Pepani ndilowe nawo, langa likufanana pang'ono. Ine ndimalemba za mbiri yakale ndipo tinkagwiritsa ntchito mawu am'munsi mwa tsamba. Tsopano akufuna dzina ndi chaka. Mawu am'munsi ambiri amangoti ibid. basi, ena op. cit. Kodi njira ya tebuloyi ingandithandize?

Mayi Nabanda:
A Mphatso, vuto lanu ndi lomwelo. Ibid. amatanthauza buku limene latchulidwa m'mawu am'munsi apamwamba pake, ndiye naye amadalira malo. Musanachotse kapena kusuntha kalikonse, yambani pa mawu am'munsi oyamba n'kumatsika, ndipo ibid. aliyense mumulembe dzina, chaka ndi tsamba. Ngati ibid. alibe nambala ya tsamba, ndiye kuti ndi tsamba lomwelo la pamwambapo. Op. cit. ndiye amavutirapo ngati wolembayo ali ndi mabuku awiri, chifukwa muyenera kubwerera m'mbuyo kuti mupeze limene linatchulidwa. Mawu am'munsi amene akufotokoza mfundo, osati kungotchula buku, asiyeni pomwepo.

Tadala:
Manambala onse ndachotsa, ndipo Find sakupezanso kanthu. Panopa ndasankha kupitiriza pamanja chifukwa nthawi yachepa, koma a Kondwani ndamva, Crossref ija ndiigwiritsa ntchito popeza ma DOI. Tsopano ndikuyamba kusintha mizere. Ndimaganiza kuti ndi nkhani yongosuntha chaka ndi kuwonjezera timadontho, koma ndaima pa mzere wachitatu. Wolemba anatchula anthu asanu ndi mmodzi kenako n'kulemba et al. Ndisiye choncho?

Mayi Nabanda:
Ayi, ndipo apa ndi pamene pagona ntchito yeniyeni. Sitayilo ya manambalayi imafupikitsa zinthu zimene APA imafuna zonse, ndiye simungazipeze mwa kungosuntha zizindikiro. Muyenera kubwerera ku nkhaniyo.

Olemba Vancouver ambiri amasiyira pa anthu asanu ndi mmodzi n'kuyika et al. Mu APA 7 mndandanda umatchula onse mpaka 20. Akapitirira 20, mumalemba 19 oyamba, timadontho titatu, kenako womaliza. M'chiganizo ndi mmene mumafupikitsa: akakhala atatu kapena kuposerapo, woyamba yekha ndi et al. kuyambira ulendo woyamba. Chachiwiri, mayina a magazini amakhala ofupikitsidwa, monga J Mol Biol, pamene APA imafuna dzina lonse, Journal of Molecular Biology. Musalote tanthauzo la chidule, fufuzani mu NLM Catalog, chifukwa pali magazini a mayina oyandikana kwambiri. Chachitatu ndi masamba. Titenge nambala 7 yanu ija. Ndikukhulupirira kuti inalembedwa chonchi:

```
Watson JD, Crick FH. Molecular structure of nucleic acids;
a structure for deoxyribose nucleic acid. Nature.
1953;171(4356):737-8.
```

Mu APA 7 ikhala chonchi:

```
Watson, J. D., & Crick, F. H. C. (1953). Molecular structure
of nucleic acids: A structure for deoxyribose nucleic acid.
Nature, 171(4356), 737–738. https://doi.org/10.1038/171737a0
```

Onani kuti 737-8 wasanduka 737–738. Dzina la magazini ndi nambala 171 zikhale m'zilembo zopendekera, koma (4356) ayi. Mutu wa nkhani uli ndi chilembo chachikulu poyambira ndi pambuyo pa `:` basi. Ndipo DOI imalembedwa ngati adiresi yonse yoyamba ndi https://doi.org/. Kwa mnzanu wa chaputala 3, mizinda ija ichotseni yonse. APA 6 inkafuna mzinda wa kampani yosindikiza, koma APA 7, imene inatuluka mu 2019, inasiya.

Kondwani:
Kwa amene saopa sikirini yakuda ya Terminal, mzere ngati umenewo mutha kuupeza osatayipa:

```
curl -LH "Accept: text/x-bibliography; style=apa" \
https://doi.org/10.1038/171737a0
```

Koma ndinene chilungamo, zobwera zokha ziyenera kuwerengedwa. Nkhani zakale zambiri zimabwera mayina ali m'zilembo zazikulu zokhazokha, ndipo mutu umabwera liwu lililonse litayamba ndi chilembo chachikulu. Mu Zotero mumadina kumanja pa mutuwo n'kusankha Sentence case, kenako mumabwezeretsa pamanja zilembo zazikulu pa mawu ngati DNA kapena mayina a mayiko, chifukwa iyo imatha kuwachepetsa nawonso.

Tadala:
Ndalumikiza mindandanda itatu ija ndipo ndasanja. Poyamba zinaduka pakati, mizere ina inathera kwina mutu wake uli kwina. Nditadina chizindikiro cha ¶ ndaona kuti wa chaputala 3 ankadina Enter kumapeto kwa mzere uliwonse n'kuyika mipata kuti mzere wachiwiri ulowe mkati. Ndachotsa ma Enter amenewo kuti buku lililonse likhale ndime imodzi, ndipo Ctrl+T yalowetsa mizere mkati bwinobwino.

Koma kwatuluka china. Watson ndi Crick 1953 alipo katatu. Awiri ali ndi mutu wofanana, kungoti wina ndi Crick, F. H. ndipo wina ndi Crick, F. H. C. Wachitatu mutu wake ukuyamba ndi Genetical implications, masamba 964 mpaka 967, ndipo wachokera m'chaputala 2.

Yamikani:
Awiri oyambawo ndi nkhani imodzi, chotsani mmodzi. Wachitatuyo ndi nkhani ina ya chaka chomwecho, ndiye mufunika 1953a ndi 1953b. Ya Molecular structure inatuluka mu Epulo ndipo inayo mu Meyi, choncho yoyamba kutuluka ndiyo a.

Mayi Nabanda:
Miyezi mwanena zoona a Yamikani, yoyamba inatuluka pa 25 Epulo ndipo yachiwiri pa 30 Meyi. Koma APA siyang'ana zimenezo pa nkhani za m'magazini a sayansi, chifukwa pa mndandanda timalemba chaka chokha. Olemba akakhala omwewo, motsatana mofanana, chaka n'kukhala chomwecho, timasanja potsata mutu mu alifabeti, osawerengera A, An kapena The wa kumayambiriro. G amabwera M asanabwere. Ndiye Genetical implications ndi 1953a, ndipo Molecular structure ndi 1953b ngakhale kuti ndiyo inayamba kutuluka.

A Tadala, apa samalani kwambiri. M'chaputala 1 munali nkhani imodzi yokha ya awiriwa, ndiye paliponse munalemba 1953 wopanda chilembo. Onsewo tsopano asanduke 1953b. M'chaputala 2 ndi mmene muli ntchito, chifukwa munali nkhani zonse ziwiri ndipo panopa zonse zikungoti 1953. Tsegulani fayilo yoyamba ija munasunga, muone pamene panali [7] ndi pamene panali nambala ya inayo. N'chifukwa chake zilembo a ndi b timaziyika mndandanda wonse utalumikizidwa ndipo obwerezedwa atachotsedwa. Mukaziyika msanga, buku limodzi lowonjezera limatha kusuntha zilembo zonse. Ndipo ngati wina mwa anzanu anali kale ndi a ndi b wake m'chaputala chake, musakhulupirire kuti zikugwirizana ndi za mndandanda watsopano.

Pochotsa obwerezedwa musadalire maonekedwe a dzina, monga mwaonera pa F. H. ndi F. H. C. Yerekezerani DOI, kapena voliyumu ndi tsamba loyamba. Pa mabuku muonenso chaka, chifukwa mmodzi akhoza kukhala kuti anawerenga kusindikiza kwachiwiri wina kwachinayi. Amenewo si obwerezedwa ngati mwatchula masamba, popeza masambawo amasiyana.

Kondwani:
Apa ndi pamene ndimanena paja. Zilembo a ndi b zimenezi Zotero imayika yokha, ndipo imazisintha m'chiganizo momwe buku lina likawonjezeka.

Mayi Nabanda:
Zoona, ndipo pa lipoti lalitali limene lidzasinthidwe kangapo ine ndingasankhenso njira yanu. Kungoti nkhani imodzi ikalowa kawiri mu Zotero, ndipo onse awiri mwawatchula, iyo imaganiza kuti ndi nkhani ziwiri n'kukupatsani a ndi b abodza. Muyenera kuyamba mwawaphatikiza pa Duplicate Items. Pa mabuku osakwana 100 ndi masiku ochepa, sindikuona kuti njira ina ikuposa inzake kwenikweni.

Kondwani:
Ine ndikuonabe kuti ikuposa, koma mwini ntchito wasankha kale.

Mphatso:
Funso langa lina ndi la alifabeti yeniyeniyo. Ndili ndi de Vries, ndipo Word wamuyika pamwamba pa onse oyamba ndi De. Mnzanga akuti apite ku V. Wolondola ndani?

Mayi Nabanda:
Zikudalira sitayilo, ndipo masitayilo sagwirizana pa mayina otere. Mu APA 7 mumasiya dzina monga mwini wake amalilembera n'kuwerenga chilembo ndi chilembo, osawerengera mpata. Ndiye de Vries amawerengedwa ngati devries: akhala pansi pa Denton koma pamwamba pa Dewey. Word amawerengera mpata, n'chifukwa chake wamukweza. Masitayilo ena amamuyikadi ku V, choncho mnzanuyo sakungopeka, koma funsani kuti akufuna sitayilo iti. Malo ena amene Sort amalakwitsa ndi pamene wolemba mmodzi ali ndi nkhani zingapo. Zimene analemba yekha zimayamba, kuchokera chaka chakale kufika chatsopano, kenako zimene analemba ndi anzake potsata dzina la wachiwiri. Pamenepo yang'anani ndi maso.

Tadala:
Ndachita zonsezo. Obwerezedwa analipo 11, ndiye ndatsala ndi 85. Kodi ndingatumize tsopano?

Mayi Nabanda:
Kwatsala kuyendera mbali ziwiri. Sindikizani mndandanda papepala, muwerenge lipoti kuyambira tsamba loyamba, ndipo buku lililonse mukalipeza m'chiganizo mulichonge papepalapo, mukuyerekeza kalembedwe ka dzina ndi chaka. Musaiwale za pansi pa zithunzi ndi m'matebulo, chifukwa ndi mmene manambala akale amabisala, makamaka ngati chithunzicho anachimata pamodzi ndi mawu ake, poti Find sawerenga za m'chithunzi. Pomaliza mudzakhala ndi magulu awiri. Mizere yosachongedwa ndi mabuku amene palibe anawatchula, ndipo APA siyasunga pa mndandanda wa References. Mayina amene mwawapeza m'chiganizo koma papepala palibe ndi amene muyenera kufunsa eni chaputala. Musalowetse nkhani ina yongofanana dzina ndi chaka imene mwaipeza pa intaneti, chifukwa simukudziwa ngati ndi imene mnzanuyo anawerenga.

Tadala:
Ndamaliza kuchonga. Mizere itatu sinachongedwe. Iwiri ndi ya m'chaputala changa, ya ndime imene a supavayiza anatiuza kuti tichotse, ndipo ndaichotsa. Wachitatu unali nambala 21 ya chaputala 2, ndipo ndaupeza mkati mwa chithunzi monga munanenera, ndiye ndalembanso mawu a pansi pa chithunzicho ndi dzina ndi chaka. M'chaputala 3 muli mayina awiri amene pa mndandanda palibe. Limodzi mnzanga walipeza. Linalo akuti sanawerenge nkhaniyo, anangoiona itatchulidwa m'buku lina. Pamenepa nditani?

Mayi Nabanda:
Chabwino koposa n'chakuti aipeze nkhaniyo n'kuiwerenga, kenako ilowe pa mndandanda ngati zina zonse. Ikapanda kupezeka, m'chiganizo mutchule wolemba woyambayo ndi chaka chake, kenako `as cited in` ndi dzina ndi chaka cha buku limene mnzanuyo anawerengadi. Pa mndandanda pamalowa buku lowerengedwalo lokha. Mumufunse ngati bukulo lili kale pa mndandanda wanu, ndipo ngati mulibe akutumizireni tsamba la kumayambiriro kwake kuti muone chaka ndi kampani yosindikiza.